Dzina la kiliniki liyesedwe pakamwa lisanakwere pachikwangwani

Akuluakulu a ku Lilongwe akukumbukira kuti chipatala cha Bwaila poyamba chinkatchedwa Bottom, ndipo mpaka lero ena amati "ku Botomu". Dzinalo linachokera m'nthawi ya atsamunda, pamene mumzindamo munali chipatala cha kumtunda cha azungu ndi cha kumunsi cha anthu akuda. Mayi wopita kukachira ankanena ndi pakamwa pake kuti akupita ku chipatala cha pansi. Boma linasintha dzinalo, ndipo linachita bwino. Koma onani kutalika kwa nthawi imene dzina lakale lakhala likukanirira m'kamwa mwa anthu. Aliyense amene akufuna kutsegula kiliniki kapena famase yake aphunzirepo apa: dzina likangolowa m'kamwa mwa anthu, mwini wake salilamuliranso.

Eni makiliniki ambiri amasankha dzina ndi maso. Amalilemba papepala, amaliona likukongola, n'kuitana wolemba zikwangwani. Koma odwala sawerenga dzina kawirikawiri, amalitchula. Amalitchula kwa wakabaza pa siteji, kwa kondakitala mu minibasi yodzaza, pafoni kwa apongozi, kwa abwana popempha tchuthi cha tsiku limodzi. Ndipo sanena lonse. Amadula, n'kuikapo "ku" patsogolo. Chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi "ku Kwinzi" kapena "ku Gulupu". Mbali yake yochirirako amayi ndi "ku Chatinkha". Ndiye funso loyamba si lakuti dzinali likuoneka bwanji, koma lakuti anthu akalidula litsala liwu liti, nanga liwulo munthu angalinene mokweza pagulu osachita manyazi kapena mantha?

Tiyeni titenge chitsanzo chongoganizira. Kiliniko ofesa wina wagwira ntchito m'boma zaka zambiri, ndipo iye ndi mkazi wake, amene ndi namwino, akutsegula kiliniki pamalo ochitira malonda m'mbali mwa msewu wa Lilongwe ndi Kasungu. Ali ndi chipinda choonera odwala, chipinda chobayira jakisoni ndi kutsuka mabala, kalabu kakang'ono koyezera malungo, shuga ndi mimba, ndi mabedi awiri oti munthu apumirepo maola angapo ali pa diripi. Alemba mayina atatu: Mpumulo, Machiritso ndi Tisamalane.

Pali ziganizo zitatu zimene dzina lililonse la kiliniki lidzalowamo, mwini afune asafune. Choyamba: "Ndikupita ku…" Chachiwiri: "Tawatengera ku…, ali komweko." Chachitatu, chimene palibe amafuna kuchiganizira: "Atisiya ku…" Banjali liike mayina ake atatu m'ziganizo zimenezi, mokweza, pamaso pa anthu a m'deralo.

Mpumulo ndi liwu lokoma, ndipo eni ake amaganiza za wodwala amene wapeza popumira ululu. Koma tamvani chiganizo chachiwiri: "Agogo tawatengera ku Mpumulo." Wolandira foniyo mtima uthamanga, chifukwa liwu limeneli timalimva kwambiri pa mwambo wa maliro, pamene abusa akunena za mpumulo wosatha. Vuto lomweli lili ndi mayina onena za ulendo, za kwathu kwenikweni, za kumwamba, za mtendere wosatha, ndiponso aja onena kuti pano ndi pothera kapena chiyembekezo chomaliza. M'misewu yambiri ya m'matauni athu, malo okhoma mabokosi a maliro ali pafupi ndi zipatala, ndipo mayina otonthoza oterewa ndi amene iwo amakonda. Kiliniki isapikisane nawo pa mawu.

Machiritso ndi dzina lokopa, ndipo ndi limene ine ndimaliopa kwambiri. Limalonjeza chinthu chimene wachipatala woona sangalonjeze. Kiliniki ya mabedi awiri idzatumiza odwala ambiri ku chipatala cha boma: mwana wa malungo aakulu wofunika magazi, mayi amene mimba yavuta, bambo wa sitiroko. Ena mwa iwo sadzabwerera. Tsiku limenelo chiganizo chachitatu chidzanenedwa pa siwa, "Anayambira ku Machiritso", ndipo dzinalo lidzawawa m'makutu a ofedwa. Palinso china. Mawu a machiritso, zozizwitsa, mphamvu ndi kuthana ndi nthenda zonse ndi amene amadzaza timapepala tomatidwa pamitengo ya magetsi ndi zikwangwani za misonkhano ya mapemphero. Munthu amene anaphunzira zaka zambiri, ali ndi chiphaso, asadziike yekha m'gulu la olonjeza zimene sangathe. Ukatswiri umamveka pa kudziletsa.

Tisamalane likudutsa ziganizo zonse zitatu popanda chobaya. Silitchula nthenda, silitchula imfa, sililonjeza kuchira. Likulonjeza chisamaliro, chimene banjali lingapereke tsiku lililonse ngakhale kwa wodwala amene sachira. Ndipo kachidutswa ka "ti" kakuika wachipatala ndi wodwala mbali imodzi.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Anthu amene amagwira ntchito ndi matenda oopsa kwambiri ndi amene anaiona msanga. Ku Kwinzi, kiliniki yosamalira akuluakulu odwala matenda osachiritsika imatchedwa Tiyanjane. Ku chipatala chachikulu cha Zomba, kiliniki ya anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV inapatsidwa dzina loti Tisungane. Ku Salima kuli malo osamalira odwala khansa ndi matenda ena aakulu otchedwa Ndi Moyo. Taganizirani kulimba mtima kwa dzina limeneli: pamalo pamene ambiri obwera sadzachira, dzina likukumbutsa kuti munthuyo adakali moyo ndipo ayenera kuthetsedwa ululu lero. Silinama. Banja La Mtsogolo, bungwe limene linayamba mu 1987, limagwira ntchito za kulera ndi uchembere, nkhani zimene ambiri sankazitchula pagulu nthawi imeneyo, koma dzina lake linaloza pa banja osati pa ziwalo za thupi.

Apa mpamene pali phunziro lina lofunika kwa amene kiliniki yawo ikhala yoona nthenda imodzi. Dzina likatchula nthendayo, aliyense wolowa pakhomo waulula matenda ake kwa ogulitsa tomato a tsidya la msewu. Kiliniki ya matenda opatsirana pogonana, ya kusabereka, ya mavuto a abambo kapena ya matenda a maganizo ikalemba zimenezi m'malembo akuluakulu, odwala amadikira mdima kapena amapita kutali kumene sadziwika, ndipo ambiri sapita n'komwe. Timadziwa mmene mawu oti "ku mentolo" amalemerera banja. Ntchito zoterezi zilembedwe m'malembo ang'onoang'ono pamodzi ndi zina zonse, monga kuyeza magazi, kuyeza shuga ndi sikelo ya ana, kuti wolowa akhale munthu wongopita kuchipatala. Dzina silingabise chilichonse mpaka kalekale, chifukwa anthu a m'dera amadziwa. Koma limapatsa wodwala mawu oti anene popanda kudzivula.

Tisamalane palokha silikwanira. Likhoza kukhala dzina la banki m'khonde, la gulu la amayi kapena la golosale. Kukoma mtima kuli m'liwu loyamba, ukatswiri uli m'liwu lachiwiri, lonena kuti malowa ndi a mtundu wanji. Liwu lachiwirili likhale loona ndendende. Mabedi awiri a diripi si chipatala chogonekako anthu, choncho banja lathu lilembe kiliniki, osati dzina lomveka ngati chipatala chachikulu. Lisalembe kuti pali akatswiri a matenda akutiakuti ngati katswiriyo kulibe. Ngozi yake ndi yeniyeni: usiku abale amathamangira ndi mayi wotaya magazi kumene dzina linawauza kuti kuli zonse, n'kutaya ola limene likanawafikitsa ku fiyeta ya chipatala cha boma. Pa chifukwa chomwechi, mwini asamale ndi kudzilemba udokotala pachikwangwani. Odwala adzamutcha adokotala mwaulemu monga timachitira kwa aliyense wovala gauni loyera, koma cholembedwa chigwirizane ndi chiphaso chake.

Kwa famase vuto lili pa liwu loti mankhwala. M'chilankhulo chathu liwu limeneli limanyamula zambiri: panado, zitsamba, zithumwa, mankhwala a mbozi za m'chimanga, tameki. Tikamva kuti wina wamwa mankhwala kapena wathiridwa mankhwala, nthawi zina si nkhani ya kuchira. Ndiye dzina lonena za mankhwala amphamvu kapena mankhwala a zonse limakokera maganizo kwa ogulitsa zolimbitsa abambo m'misika, pamene "sitolo ya mankhwala" yokha ikhoza kusokonezeka ndi yogulitsa za ulimi. Liwu loti famase anthu analizolowera ndipo limasiyanitsa bwino. Koma si aliyense wogulitsa mapiritsi amene angalitenge: famase imayendetsedwa ndi katswiri wa zamankhwala wolembetsedwa, ndipo sitolo yaing'ono yololedwa kugulitsa mankhwala ochepa okha isadzitche dzina limeneli. Patsogolo pake pakhoza kubwera dzina la malo, la mtsinje, la phiri kapena la mtengo wodziwika m'deralo. Mayina a malo ndi abwino kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa saopseza munthu ndipo amauza wakabaza kolowera. Chipatala cha Mlambe ku Lunzu ndi cha Mtengowanthenga ku Dowa zakhala ndi mayina otere kwa zaka zambiri popanda wodandaula. Kuipa kwake n'kwakuti mukasamuka kapena kutsegula nthambi kwina, dzina limatsalira kumbuyo.

Dzina la mwini nalo lili ndi malire. Limathandiza ngati munthuyo ndi wodziwika kale ndi wokhulupirika m'deralo. Koma ambiri a ife tili ndi mayina amene makolo anatipatsa pa nthawi ya zowawa, monga Mavuto, Masautso, Misozi kapena Maliro. Ndi mayina aulemu pa munthu, koma pakhomo la odwala amanena zina. Komanso mwini akadzagulitsa malowo kapena kumwalira, odwala amapitirira kufunsa munthu amene kulibe.

Mndandanda ukatsala ndi mayina awiri kapena atatu, ayesedwe pa anthu amene si abale, chifukwa abale amayamikira chilichonse. Funsani gogo, wachinyamata, wakabaza ndi mayi wa mwana wamng'ono kuti akamva dzinali akuganiza kuti kumeneko kumachitika chiyani. Ngati m'deralo muli olankhula Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe kapena Chisena, afunseninso, poti liwu labwino m'chilankhulo china limatha kukhala lotukwana m'chinzake. Litchuleni pafoni kamodzi, muone ngati winayo angalibwereze.

Penti ibwere pomaliza. Dzina la bizinesi limalembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, ndipo kumeneko likhoza kukanidwa ngati lafanana ndi la wina. Kiliniki imafunika chilolezo cha bungwe la Medical Council of Malawi, pamene famase imafunika cha bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Afunseni za dzinalo musanadinde malisiti, makadi a odwala ndi timatumba ta mapiritsi. Pachikwangwani pewani kujambula jakisoni wamkulu kapena madontho a magazi, chifukwa mwana amayamba kulira adakali kumsewu. Pewaninso mtanda wofiira pa choyera. Chizindikiro chimenechi n'chotetezedwa ndi mapangano a ku Geneva a mu 1949, ndipo si cha mabizinesi. Mafamase ambiri amagwiritsa ntchito mtanda wobiriwira. Pansi pa dzina lembani maola otsegulira ndi nambala ya foni imene imayankhidwa usiku.