Phula la m'khutu: lisiyeni lituluke lokha, likatseka lifewetseni

Munthu akangotuluka m'bafa, dzanja limathamangira kukhutu. Wina amatenga kamtengo kokhala ndi thonje kumapeto, wina kamtengo ka machesi, wina nthenga ya nkhuku, ndipo ali paulendo amangogwiritsa ntchito kiyi kapena chivindikiro cha bolopeni. Onsewa cholinga chawo n'chimodzi, kuchotsa phula lomwe amaliona ngati litsiro. Koma madokotala a makutu amadziwa kuti ambiri mwa anthu amene amabwera akudandaula kuti khutu latseka ndi omwewo amene amalitokosa tsiku ndi tsiku.

Khutu limadziyeretsa lokha

Kanjira kochokera pabowo la khutu kukafika pa ng'oma ya m'khutu n'kakafupi, pafupifupi masentimita 2.5 kwa munthu wamkulu. Phula silipangidwa m'kanjira konseka. Limapangidwa chakunja kokha, m'gawo limodzi mwa magawo atatu, pomwe pali tiubweya ndi tizigawo ta khungu totulutsa mafuta. Mafutawa amasakanikirana ndi khungu lakufa, n'kukhala phula lija. Ntchito yake ndi kukola fumbi, kuteteza khungu kuti lisanyowe kapena kuuma mpaka kuyabwa, ndiponso kulepheretsa tizilombo toyambitsa matenda kuswana, chifukwa lili ndi asidi pang'ono.

Chakum'kati, kufupi ndi ng'oma, kulibe phula. Kumeneko khungu ndi lopyapyala kwambiri ndipo lamatirira pafupa. Khungu limeneli limakula moyenda, kuchokera pa ng'oma kulowera kunja, pang'onopang'ono, pa liwiro lofanana ndi mmene chikhadabo chimakulira. Likafika pomwe pali phula limalitenga n'kulikankhira kubowo, ndipo kutafuna ndi kuyankhula kumathandiza kuligwedeza. Likafika panja limauma n'kugwa, kapena limachoka posamba. Choncho kwa anthu ambiri kupukuta kunja kwa khutu ndi kansalu konyowa kokulungidwa pachala n'kokwanira.

Zimene kamtengo kathonje kamachita

Mutu wa kamtengo kathonje ndi waukulu pafupifupi ngati kanjira komweko. Mukakalowetsa, phula lochepa limamatirira pathonje, ndipo mukaliona mumaganiza kuti ntchito yatheka. Lambiri limakhala lakankhidwira m'kati, kupyola malire a pomwe limayenera kukhala. Mawa mukabwereza mumalitsendera pamwamba pa ladzulo, monga munsi umatsendera ufa pansi pa mtondo. Pakatha miyezi limasanduka chibuma cholimba chomwe khungu loyenda lija silingathe kuchinyamula.

Vuto lachiwiri ndi kukalika kwa khungu. Thonje limachotsa mafuta oteteza aja n'kusiya tizilonda tosaoneka. Khutu limayamba kuyabwa, munthu n'kutokosanso kuti amveko bwino, kuyabwa n'kukulirakulira. Madzi akalowa patizilondato, mabakiteriya kapena mafangasi amapeza polowera, kanjira kamatupa, ndipo kungokhudza khutu kumawawa.

Vuto lachitatu limachitika m'kanthawi kochepa. Mwana akakugundani chigongono kamtengo kali m'khutu, kapena chitseko chikakumenyani, kamtengoko kamaboola ng'oma. Munthu amamva ululu wobaya, kumva kumachepa pomwepo, ndipo nthawi zina magazi amatuluka. Mabowo ambiri otere amapola okha pakatha milungu ingapo kapena miyezi iwiri ngati khutu lisungidwa louma, koma kamtengo kakapitirira n'kusuntha timafupa titatu ta kuseri kwa ng'oma, kumva kutha kuwonongekeratu. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 ku Amereka anapeza kuti kuyambira 1990 kufika 2010 ana opitirira 263,000 anathamangitsidwa kuchipatala atavulala khutu ndi timitengo tathonje, kutanthauza ana pafupifupi 34 tsiku lililonse.

Makandulo a m'khutu

Makandulo amenewa amapezeka kwambiri m'masaluni ndi m'masitolo a mankhwala achilengedwe ku Ulaya, ku Amereka ndi ku South Africa, komanso amagulitsidwa pa intaneti. Ndi nsalu yoviikidwa mu phula la njuchi kapena la parafini, yokulungidwa ngati fanulo yayitali pafupifupi masentimita 25, yabowo pakati. Munthu amagona chammbali, mbali yosongoka imalowetsedwa m'khutu, pamwamba n'kuyatsa moto kwa mphindi ngati 15. Ogulitsa amati motowo umakoka phula. Pomaliza amang'amba chotsalira cha kandulo n'kuonetsa zinthu zofiirira zomwe amati zatuluka m'khutu.

Mu 1996 madokotala ku Amereka anayesa zimenezi. Anapeza kuti kandulo yoyaka sikoka mpweya n'komwe. M'makutu 8 omwe anayesera, palibe lomwe phula linachoka, ndipo m'makutu ena munagwera phula la kanduloyo. Zofiirira zija ndi zotsalira za nsalu ndi phula lopsa, ndipo zimapezeka ngakhale kandulo itayatsidwa kutali ndi khutu. Ofufuzawo atafunsa madokotala a makutu 122, anamva za anthu 21 ovulala ndi makandulowa. Ambiri anapsa, ena khutu linatsekeka ndi phula la kandulo, wina ng'oma inabooka. Mu 2010 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku Amereka, linachenjeza anthu kuti asawagwiritse ntchito. Phula lotentha likadonthera m'kati limauma litamatirira pa ng'oma, ndipo kulichotsa nthawi zina kumafuna opaleshoni.

Khutu likatsekadi

Pali anthu ena amene phula limawadzadza ngakhale satokosa: okalamba, chifukwa phula lawo limakhala louma, amene ali ndi kanjira kopapatiza kapena kaubweya wambiri, ndi amene amakhala ndi timahedifoni kapena makina othandiza kumva m'khutu nthawi yayitali. Zizindikiro zake ndi kumva movutikira, khutu kukhala ngati ladzaza, kulira kwa m'khutu, kuyabwa, ndipo ena amatsokomola chifukwa mtsempha wina wa m'kanjiraka umalumikizana ndi wa kukhosi.

Tiyerekeze bambo wogwira ntchito pachigayo. Tsiku lonse amakhala m'fumbi la ufa, makutu atawatseka ndi thonje pothawa phokoso, ndipo madzulo amatokosa ndi kamtengo ka machesi. Tsiku lina posamba madzi alowa kukhutu lakumanja, ndipo potuluka akungomva ngati ali pansi pa madzi. Chachitika n'chakuti chibuma cha phula chinali chitasiya kampata kakang'ono komwe mawu ankadutsira, ndiye chamwa madzi, chatupa, n'kutseka kampatako.

Asanathire chilichonse ayenera kudzifunsa mafunso angapo. Kodi khutuli likuwawa? Kodi likutuluka mafinya, madzi kapena magazi, kapena linkatuluka mafinya kale? Kodi anauzidwapo kuti ng'oma inabooka, kapena anachitidwapo opaleshoni ya khutu? Ngati yankho la funso lililonse ndi inde, asathire kanthu, apite kuchipatala. Mankhwala akadutsa pabowo la ng'oma amakafika m'kati mwenimweni momwe angayambitse ululu ndi matenda.

Ngati mayankho onse ndi ayi, ntchito ndi yofewetsa basi. Kufamase kumapezeka mafuta a olivi odonthezera m'khutu kapena madontho a sodiyamu bayikaboneti. Botolo alifumbate m'manja kwa kanthawi kuti lisazizire, koma asalitenthetse pamoto. Agone chammbali khutu lotsekalo lili pamwamba, akoke khutu pang'ono m'mwamba ndi chakumbuyo kuti kanjira kawongoke, ndipo wina amudonthezere madontho awiri kapena atatu. Akhale chigonere mphindi 5 mpaka 10, kenako adzuke n'kupukuta zotuluka kunja. Asatsekepo thonje, chifukwa limamwa mafutawo. Achite zimenezi katatu kapena kanayi pa tsiku kwa masiku 3 mpaka 5.

Masiku awiri oyamba khutu likhoza kutseka kuposa poyamba, popeza phula limafufuma likamafewa. Apa ndi pomwe ambiri amataya mtima n'kubwerera kukamtengo, n'kutsenderanso phula lomwe linayamba kumasuka. Akapirira, tizidutswa timayamba kutuluka tokha, makamaka usiku, ndipo pakatha milungu iwiri khutu nthawi zambiri limakhala latseguka. Madonthowo akamaotcha kapena kuwawa, awasiye. Madzi a masamba, mafuta okazingira kale ndi sipiriti zisalowe m'khutu.

Zimene amachita kuchipatala

Milungu iwiri ikatha khutu lisanatseguke, bambo uja apite kuchipatala. Kumeneko amayamba ayang'ana m'khutu ndi kachipangizo kounikira kuti atsimikize kuti ndi phuladi. Njira imodzi yochotsera ndi kutsuka ndi madzi ofunda ngati thupi, madigiri 37. Madzi akazizira kapena akatentha kuposa apo amasokoneza gawo la m'kati mwa khutu lomwe limathandiza munthu kuima bwino, ndipo amachita chizungulire ngakhale kusanza. Madziwo salunjikitsidwa pa ng'oma koma pakhoma la pamwamba la kanjira, kuti adutse kuseri kwa phula n'kulikankhira kunja. N'chifukwa chake kudzipopera nokha mwamphamvu ndi sirinji kunyumba n'koopsa.

Njira zina ndi kukokera phula kunja ndi kachitsulo kopindika, kapena kuliyamwa ndi kapaipi kakang'ono dokotala akuyang'ana pa maikulosikopu. Njirazi zimakondedwa kwa munthu amene ng'oma yake inabooka, amene amamva khutu limodzi lokha, ndi amene matenda angamugwire mosavuta. Choncho ngati muli ndi shuga, chitetezo cha m'thupi chotsika, kapena mumamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, nenani asanayambe. Kuchipatala chaching'ono akalephera amatumiza kwa akatswiri a makutu, mphuno ndi khosi, monga a ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimafanana ndi phula koma sichidikira. Khutu limodzi likasiya kumva mwadzidzidzi, m'maola ochepa kapena masiku atatu, popanda madzi kulowamo, vuto likhoza kukhala la mtsempha wa kumva. Yesani kung'ung'udza mutatseka pakamwa. Ngati khutu latsekedwa ndi phula, mawu anu amamveka kwambiri kukhutu lotsekalo. Akamamveka kwambiri kukhutu labwino, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala a vutoli amathandiza akayambidwa msanga. Kuyesaku sikulowa m'malo mwa kupimidwa, choncho mukakayika pitani ndithu. Chimodzimodzi ngati pali chizungulire chachikulu, kutentha thupi, kutupa kuseri kwa khutu kapena nkhope kupindika. Mwana wamng'ono yemwe mukumuganizira kuti khutu latseka, muyambe mwamupimitsa musanamuthire madontho.

Kwa amene phula limawabwerera kawirikawiri, madontho awiri a mafuta a olivi kamodzi pa sabata amathandiza ena kuti lisalimbe. Bambo wa kuchigayo uja angachite bwino kusiya thonje n'kupeza zotchinga phokoso zophimba khutu lonse kunja, zomwe zimaletsanso fumbi la ufa popanda kukankhira phula m'kati.