Zimene Kochi Amalemba Wophunzira Akavulala Bondo pa Mpira

Lipoti la kochi ndi chikalata chachifupi chimene mphunzitsi wa masewera amalemba wophunzira akavulala pabwalo. Limapita kwa mphunzitsi wamkulu ndi kwa makolo, ndipo kope lina limatsagana ndi mwana kuchipatala pamodzi ndi buku lake lachipatala. Pa kuvulala kwa bondo, zimene kochi anaona zimathandiza dokotala kwambiri, chifukwa mwana amafika bondo litatupa kale ndipo limavuta kulipima. Ntchito ya lipoti ndi kufotokoza zimene zinaoneka ndi nthawi yake. Kutchula chimene chawonongeka m'kati ndi ntchito ya achipatala.

Pamwamba pamalembedwa dzina la wophunzira, zaka zake, kalasi, tsiku, bwalo, ndi bondo limene lavulala, lamanja kapena lamanzere. Zaka siziyenera kusiyidwa. Mafupa a mwana amene akukulabe amakhala ndi malo ofewa chakumapeto kwake, pomwe fupa limakulira. Kupindika kumene kungadule mtsempha wa munthu wamkulu kumatha kuthyola fupa la mwana pamalo amenewa.

Gawo lalikulu ndi la mmene ngoziyo inachitikira. Mawu akuti "anagwa n'kubinya bondo" sauza dokotala kanthu. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 15 wa Fomu 2. Kochi wosamala angalembe kuti nthawi ya 3:40 masana mnyamatayo amathamangira mpira, anaponda ndi phazi lamanja n'kufuna kukhotera kumanzere, phazi linakanirira pansi thupi likutembenuka, bondo linapindikira m'kati ndipo anagwa popanda womukhudza. Angawonjezere kuti mwanayo anati anamva kuti "thwa" m'bondo, ndipo atadzutsidwa mwendo unakana kumunyamula.

Chilichonse mwa zimenezi chili ndi tanthauzo. Kugwa wekha potembenuka, kumva phokoso m'kati ndi kugwedera kwa bondo zimachititsa dokotala kuganizira za mtsempha wa pakati pa bondo umene umaletsa fupa la msongolo kutsetserekera kutsogolo. Mwana akagundidwa ndi mnzake kunja kwa bondo, kawirikawiri umavulala ndi mtsempha wa mbali ya m'kati. Bondo likamakana kuwongoka ngati lakodwa, vuto limatha kukhala pa kamnofu kolimba kamene kamakhala ngati khushoni pakati pa mafupa awiri.

Nthawi imene bondo linayamba kutupa imalembedwanso. Kutupa kwambiri pasanathe maola awiri kumasonyeza kuti magazi akuchucha m'kati mwa bondo, monga zimachitikira mtsempha wa pakati ukaduka kapena fupa likathyoka. Kutupa kobwera pang'onopang'ono mpaka m'mawa mwake kumagwirizana kwambiri ndi kuvulala kwa kakhushoni kaja. M'chitsanzo chathu kochi angalembe kuti pofika 4:30 bondo lamanja linali litakula kuposa linzake.

Kenako pamabwera zimene mwana anatha kuchita. Madokotala a ku Ottawa m'dziko la Canada anakonza njira yodziwira wofunika kujambulidwa ekisire, ndipo zina mwa zizindikiro zake kochi angathe kuziona pabwalo pomwepo: kulephera kuyenda mapazi anayi, kulephera kupinda bondo mpaka mmene limakhalira munthu akakhala pampando, ndi ululu pokhudza kafupa ka pamwamba pa bondo. Mwana sakakamizidwa kuyesa zimenezi. Ngati wakana chifukwa cha ululu, zimalembedwa choncho. Mwendo ukaoneka wokhota, kapena phazi likazizira kapena kuchita dzanzi, mwana amathamangitsidwa kuchipatala nthawi yomweyo ndipo lipoti limalembedwa pambuyo.

Thandizo limene linaperekedwa limalembedwa mwandondomeko. Loyenera ndi kumutulutsa mwana m'bwalo osamubwezeranso, kuika madzi oundana okulunga m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20, kumanga bandeji mosathinitsa, ndi kukweza mwendo. Kukoka mwendo, kusisita ndi kuthowa ndi madzi otentha m'masiku awiri kapena atatu oyamba kumawonjezera kutupa. Ngati wina anachita zimenezi, kapena mwana anamwa mankhwala ochepetsa ululu, lipoti linene mosabisa, potchula dzina la mankhwalawo ndi nthawi yake.

Kumapeto kochi amalemba mmene bwalo linalili, kaya panali dzenje, miyala kapena matope, zimene mwana anavala kuphazi, ngati bondolo linavulalapo kale, nthawi imene makolo anauzidwa ndi amene anamuperekeza kuchipatala. Amasaina tsiku lomwelo zinthu zisanaiwalike. Zotsatira za kuchipatala zimawonjezedwa zikabwera. Ekisire imaonetsa mafupa, osati mitsempha, choncho chithunzi chikaoneka bwino sindiye kuti bondo lachira. Tsiku lobwerera pabwalo amanena ndi achipatala, ndipo nalonso limalembedwa m'lipotilo.