Zitsamba zimene zimafooketsa njira zolerera za mahomoni

Zitsamba zimene zimafooketsa njira zolerera za mahomoni ndi zomera, kapena mankhwala opangidwa kuchokera ku zomera, zimene zimachepetsa mahomoni olerera m'magazi a mayi mpaka chitetezo chake ku mimba chitsike. Zimachita zimenezi m'njira ziwiri. Zina zimachititsa chiwindi kuphwanya mahomoniwo msanga, ndipo zina zimatsegula m'mimba kapena kusanzitsa piritsi lisanalowe m'magazi. Mndandanda wa zitsamba zimene anthu amazikayikira ndi wautali, koma umboni wamphamvu wochokera mwa anthu uli pa chitsamba chimodzi, St John's wort, chimene dzina lake la sayansi ndi Hypericum perforatum.

Chitsambachi ndi ntchito yake

St John's wort ndi chomera cha maluwa achikasu chochokera ku Ulaya ndi kumadzulo kwa Asia. Anthu amachimwa akamavutika maganizo, akamada nkhawa kapena akamasowa tulo. Chimagulitsidwa ngati makapisozi, mapiritsi, madzi odonthetsera ndiponso tiyi. Ku Britain munthu amachigula popanda kalata ya dokotala, pomwe ku Ireland chakhala chikufunika kalata kuyambira mu 2000. Nthawi zina chimasakanizidwa ndi zitsamba zina m'mankhwala olembedwa kuti ndi okhazika mtima pansi kapena ogonetsa, ndipo dzina lake limangopezeka pa timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo kwa botolo. Mayi amene akulera ayenera kufufuza maina onse awiri, chifukwa mabotolo ena amangolemba Hypericum.

Zimene zimachitika m'chiwindi

Piritsi lolera la mahomoni awiri limakhala ndi mankhwala ochepa kwambiri. La Microgynon, mwachitsanzo, lili ndi mamaikulogalamu 30 a esitirojeni ndi 150 a purojesitini. Mlingo umenewu ndi wokwanira kuletsa dzira kukhwima ndi kulimbitsa chikazi cha pakhomo la chiberekero kuti umuna usadutse. Unachepetsedwa dala kuti mavuto a mankhwala achepe, choncho mpata wotsala si waukulu.

Thupi limachotsa mahomoniwa pogwiritsa ntchito enzaimu yotchedwa CYP3A4, imene imapezeka m'chiwindi ndi m'khoma la matumbo. Mu St John's wort muli mankhwala otchedwa haipafolini, amene amauza maselo a chiwindi kuti apange enzaimu imeneyi yochuluka. Ikachuluka, mahomoni a m'piritsi amaphwanyidwa msanga, ndipo piritsi la mawa lisanamwedwe amakhala atatsika kuposa mmene amayenera kukhalira. Mayi akhoza kumwa mapiritsi ake tsiku lililonse pa ola lomwelo, osaphonya, koma chitetezo n'kukhala chochepa.

Kusinthaku sikuchitika tsiku limodzi. Chiwindi chimatenga mlungu umodzi kapena iwiri kuti enzaimu ifike pachimake, ndipo munthu akasiya chitsambacho enzaimu yowonjezerayo simatha pomwepo. N'chifukwa chake malangizo a zaumoyo a ku Britain amati mayi adzitenge ngati wosatetezedwa mokwanira nthawi yonse imene akumwa chitsambacho ndiponso masiku 28 atasiya. Pa chifukwa chomwechi, kumwa piritsi m'mawa ndi chitsamba madzulo sikuthandiza konse. Ziwirizi sizilimbana m'mimba. Chimene chasintha ndi chiwindi, ndipo chimakhala chotero usana ndi usiku.

Umboni

Pa kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2003 ku America, amayi 12 ankamwa mapiritsi olera, poyamba okha, kenako pamodzi ndi St John's wort. Pamene ankamwa mapiritsi okha, awiri ndi amene anadontha magazi pakati pa mwezi. Atawonjezera chitsambacho, anakhala 7. Kafukufuku wina wa mu 2005, wa amayi 16, anapeza kuti mahomoni m'magazi anatsika ndi 13 mpaka 15 pa 100 alionse, ndipo mwa amayi ena mazira anayamba kukula. Amayi a m'kafukufukuyu anali ochepa, koma zotsatira zake zikugwirizana ndi malipoti a mimba zosayembekezera amene mabungwe oona za mankhwala alandira. Mu 2014 bungwe la MHRA la ku Britain linachenjezanso kuti vutoli likukhudza ngakhale njira ya pamkono.

Kuchuluka kwa haipafolini kumasiyana kwambiri malinga ndi kapangidwe. Mankhwala amene ali ndi haipafolini wochepa kwambiri sasintha mahomoni kwenikweni, koma mabotolo ambiri salemba mlingo wake, ndipo wogula alibe njira yodziwira. N'chifukwa chake chenjezo limaperekedwa pa mitundu yonse.

Njira zimene zimafooka ndi zimene sizifooka

Njira zimene zimafooka ndi mapiritsi a mahomoni awiri, mapiritsi a homoni imodzi amene amayi oyamwitsa amamwa kawirikawiri, chigamba chomata pakhungu, mphete yoika kumaliseche, ndi njira ya pamkono monga Implanon ndi Jadelle. Njira ya pamkono ndi imene imadabwitsa ambiri, popeza sidutsa m'mimba. Komabe homoni yake imayenda m'magazi n'kufika ku chiwindi chomwecho, ndipo imatuluka pang'onopang'ono kwambiri kuti ikwanire zaka zitatu kapena zisanu. Chiwindi chikafulumira, kachipangizoko sikangathe kuwonjezera zimene kakutulutsa.

Jakisoni wa Depo-Provera, ndiponso Sayana Press wobaya pansi pa khungu, safooka, ndipo masiku obayitsa sasintha. Lupu ya mkuwa ilibe mahomoni, choncho chiwindi sichiikhudza. Lupu ya mahomoni nayonso imakhala yodalirika chifukwa imagwira ntchito m'chiberekero momwemo. Mayi amene akufunikadi kupitiriza chitsambachi kwa miyezi yambiri amalangizidwa kusamukira ku imodzi mwa njira zimenezi.

Ku Malawi ndi ku Zambia, zimene zimafulumizitsa chiwindi motere kawirikawiri ndi mankhwala a kuchipatala: rifampisini wa TB, efavirenzi wa HIV, ndi mankhwala ena a khunyu monga kabamazepini ndi fenobabitoni. Njira zimene zimafooka ndi zimene sizifooka n'zomwezo. Dolutegiravi, amene anthu ambiri akumwa masiku ano, safooketsa njira zolerera, koma St John's wort amachepetsa mphamvu ya ma ARV angapo, choncho munthu amene ali pa ma ARV sayenera kumwa chitsambachi.

Zizindikiro

Chizindikiro chodziwika kwambiri ndi kudontha magazi pakati pa mwezi mwa mayi amene wakhala pa mapiritsi miyezi yambiri popanda vutoli, makamaka kukayamba patapita milungu ingapo chiyambireni chitsamba. Koma chizindikirochi si chodalirika. Amayi ena sadontha konse ngakhale mahomoni atsika, ndipo pa njira ya pamkono msambo umakhala wosokonekera kale, moti kusintha kulikonse kumabisika. Pa njira imeneyi, chizindikiro choyamba chikhoza kukhala mimba yeniyeniyo: mseru, mawere kuwawa, kutopa.

Chitsanzo cha kawerengedwe ka masiku

Mayi wina amamwa Microgynon. Pa 1 Juni wayamba makapisozi a St John's wort a mamiligalamu 300, katatu pa tsiku, chifukwa chosowa tulo. Chakumapeto kwa Juni waona timagazi pakati pa paketi. Wapita kuchipatala, ndipo atakambirana ndi namwino wamwa kapisozi womaliza pa 10 Julayi.

Kuwerenga kumayambira pamenepo. Masiku 28 kuchokera pa 10 Julayi akufika pa 7 Ogasiti. Mpaka tsiku limenelo ayenera kupitiriza mapiritsi monga mwa nthawi zonse, koma azigwiritsanso ntchito kondomu nthawi iliyonse. Popeza mu Juni ankagonana popanda kondomu, ayeneranso kuyezetsa mimba. Kachipangizo koyezera mkodzo kamapereka yankho lodalirika pakatha masiku 21 kuchokera pa tsiku lomaliza logonana mosadziteteza, ndiye yankho loti alibe mimba lopezeka masikuwo asanakwane liyenera kubwerezedwa.

Tsopano tinene kuti pa 20 Julayi kondomu yaphulika. Chitsamba anasiya masiku 10 apitawo, koma chiwindi sichinabwerere mwakale, ndipo mapiritsi olera a pangozi nawonso amaphwanyidwa ndi enzaimu yomweyo. Njira yodalirika kwambiri ndi kuika lupu ya mkuwa pasanathe masiku asanu, kutanthauza pofika pa 25 Julayi. Ngati sakufuna lupu kapena palibe, malangizo a ku Britain ndi oti amwe levonojesitirelo wa pangozi wowirikiza, mamiligalamu 3 m'malo mwa 1.5, pasanathe maola 72, ndipo kufulumira n'kwabwino. Piritsi lina la pangozi, la ulipirisitali, sililimbikitsidwa kwa munthu amene wamwa chitsambachi m'masiku 28 apitawo. Kuwirikizaku ndi kwa piritsi la pangozi lokha. Mayi sayenera kuyamba yekha kumwa mapiritsi awiri a tsiku ndi tsiku, chifukwa esitirojeni wochuluka amawonjezera ngozi ya magazi kuundana m'mitsempha.

Ngati mayiyu amamwanso mankhwala ena, monga wafarini kapena a khunyu, kusiya chitsambacho kuyenera kuchitika dokotala akudziwa. Enzaimu ikamatsika, mankhwala enawo amachuluka m'magazi ndipo mlingo wake ungafunike kusinthidwa.

Zitsamba zotsegula m'mimba

Gulu lachiwiri silikhudza chiwindi. Matiyi ambiri amene amagulitsidwa kuti ndi ochepetsa thupi kapena otsuka m'mimba amakhala ndi masamba a senna, ndipo utomoni wachikasu wowawa wa alovera nawonso umatsegula m'mimba. Mankhwala ena a asing'anga amaperekedwa dala kuti munthu asanze kapena atsegule. Apa vuto ndi loti piritsi likhoza kutuluka lisanalowe m'magazi.

Kupita kuchimbudzi kamodzi kapena kawiri mofewa sikusokoneza piritsi. Mayi akasanza pasanathe maola awiri atamwa piritsi, amwe lina mwamsanga. Akatsegula m'mimba kwambiri kupitirira maola 24, tsiku lililonse lotero aliwerenge ngati waphonya piritsi ngakhale analimwa, ndipo atsate malamulo a mapiritsi ophonyedwa. Pa mapiritsi a mahomoni awiri, masiku otere akafika awiri kapena kuposerapo, agwiritse ntchito kondomu mpaka atamwa mapiritsi masiku 7 otsatizana m'mimba muli bwino. Pa mapiritsi akale a homoni imodzi, tsiku limodzi lokha ndi lokwanira kufunika kondomu kwa masiku awiri. Masiku 28 aja safunika pa gulu limeneli, ndipo njira ya pamkono, jakisoni ndi lupu sizikhudzidwa.

Makala a mankhwala, ngakhale si chitsamba, amapezeka m'zosakaniza zotsuka m'mimba zomwezi. Amakoka mankhwala ena m'matumbo, choncho sayenera kumwedwa nthawi imodzi ndi piritsi. Pa makala, kusiyanitsa nthawi yomwera ndi maola angapo kumathandiza.