Ndinasiya Depo, Nanga Mimba Ikuchedweranji?

Mayi amene amabayitsa jekeseni wolera wa Depo-Provera amauzidwa kuti abwerenso pakatha miyezi itatu. Nchifukwa chake ambiri amaganiza kuti mphamvu ya mankhwalawo imathera pa tsiku lomwe lalembedwa m'kabuku kawo ka kuchipatala, ndipo kuti akangojomba tsikulo, mwezi wotsatira aima. Ikadutsa miyezi isanu, isanu ndi umodzi, msambo osaoneka, mimba osabwera, nkhawa imalowa m'nyumba. Apongozi amayamba kufunsa, anzake kumjigo namuuza kuti jekeseni anamuumitsa chiberekero. Komatu kuchedwa kotereku nkodziwika bwino kwa azaumoyo, ndipo chifukwa chake chagona pa momwe mankhwalawo anapangidwira.

Amene anaonapo kabotolo ka depo akudziwa kuti madzi ake ndi oyera ngati mkaka, ndipo namwino kapena mlangizi wa zaumoyo amayamba wakakhutchumula asanabaye. Amatero chifukwa mankhwala enieniwo, otchedwa DMPA, sasungunuka msanga m'madzi. Ndi timibulu ting'onoting'ono tongoyandama. Mamiligalamu 150 a timibuluto akabayidwa mumnofu wa pamkono kapena pathako, salowa m'magazi onse nthawi imodzi. Amakhala pamalo obayidwawo nkumasungunuka pang'onopang'ono, monga umachitira mchere wamibulu ukauika m'madzi ozizira osatakasa. Tsiku lililonse kachigawo kochepa kamalowa m'magazi.

Kachigawo kameneko kamagwira ntchito yofanana ndi ya homoni yachilengedwe yotchedwa pulojesiteroni, imene imachuluka m'thupi mayi akakhala woyembekezera. Mwezi uliwonse, kuti dzira likhwime ndi kutuluka, kachiwalo kena kakang'ono ka kunsi kwa ubongo kamayenera kutumiza uthenga wamphamvu kudzera m'magazi kupita kumene kumakhala mazira. DMPA akakhala m'magazi, uthenga umenewo umatsekerezedwa, choncho dzira silituluka. Mankhwalawa amalimbitsanso chikazi cha pakhomo la chiberekero kuti umuna uvutike kudutsa, komanso amapepula khungu la m'kati mwa chiberekero, lija limakhuthala mwezi ndi mwezi pokonzekera mimba.

Mfundo yaikulu ndi yakuti masabata 13 amene amalembedwa m'kabuku si nthawi imene mankhwala amathera. Ndi nthawi imene opanga anatsimikiza kuti pafupifupi mayi aliyense, ngakhale amene thupi lake limachotsa mankhwala mofulumira, akhala akadali wotetezedwa. Mlingo wake anauika wokwanira ndi kutsalako, kuti mayi wochedwa kubwera chifukwa cha mvula, maliro kapena kutalika kwa chipatala asatenge mimba yosakonzekera. Ndiye chifukwa chake malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amalola kubaya mayi amene wachedwa mpaka masabata anayi popanda kumuyeza kaye ngati ali ndi pakati. Ubwino womwewo ndi umene umasanduka kudikira pamene mayi wasiya. Zotsalira za timibulu tija zimapitiriza kusungunuka, ndipo mwa amayi ena zimapezekabe m'magazi patatha miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira. Dzira silituluka mpaka mlingowo utatsika kwambiri, ndipo ukatsika, thupi limafunanso kanthawi kuti msambo ubwerere m'chimake.

Apa mpamene jekeseni amasiyana ndi njira zina. Lupu amaichotsa, timapulasitiki ta pamkono monga Jadelle ndi Implanon amatichotsa, mapilitsi munthu amangosiya kumwa, ndipo kubereka kumabwerera mwamsanga. Koma chimene chabayidwa mumnofu palibe angakachitulutse. Palibe mankhwala a kuchipatala, zitsamba kapena "kutsuka m'mimba" kumene kungafulumizitse. Amene amagulitsa zoterezi amangodya ndalama za anthu, ndipo zina mwa izo zikhoza kuvulaza.

Tiyerekeze mayi amene anabayitsa komaliza pa 1 Malichi. Tsiku lake lobwereranso linali 31 Meyi, koma iye ndi mwamuna wake anagwirizana kuti mwana wawo wakula, asapitenso. Iwo amayamba kuwerenga kuyambira Juni, ndipo pofika Okutobala amaona ngati zinthu zalakwika. Azaumoyo amawerenga kuyambira tsiku la jekeseni womaliza. Mwa amayi amene amatenga pakati atasiya depo, theka amakhala ataima pofika miyezi 10 kuchokera tsikulo, kutanthauza kuti kwa mayi wathuyu, Januwale wa chaka chotsatira ndi nthawi yapakatikati chabe. Zimene opanga mankhwalawa amalemba zimasonyeza kuti pafupifupi awiri mwa atatu alionse amaima pofika miyezi 12, ndipo oposa 9 mwa 10 pofika miyezi 18, womwe kwa iye ndi Sepitembala wa chaka chotsatiracho. Tikayerekeza ndi amene asiya njira zina, kuchedwako kumakhala kwa miyezi inayi, osati chaka chonse, chifukwa ngakhale banja limene silinalerepo silitenga mimba mwezi woyamba nthawi zonse.

Pali chikhulupiriro chakuti amene wabayitsa zaka zambiri amachedwa kwambiri chifukwa mankhwala "anaunjikana". Kafukufuku sanapeze zimenezo. Amene wabayitsa kamodzi ndi amene wabayitsa zaka zisanu amadikira nthawi yofanana, pakuti chimene akudikira ndi kutha kwa jekeseni womaliza. Chimene chimasiyanitsa ndi matupi: ena amachotsa mankhwala msanga, ena mochedwa, ndipo amayi a thupi lolemera amakonda kuchedwerapo kuposa ochepa thupi. Jekeseni wa Sayana Press, amene amayi m'Malawi amaphunzitsidwa kudzibaya okha pansi pa khungu, ali ndi mamiligalamu 104 a mankhwala omwewo, koma nayenso amachedwetsa chimodzimodzi.

Nanga magazi a msambo amapita kuti miyezi yonseyi? Sapita kulikonse, ndipo saundana m'mimba monga ena amaopera. Msambo ndi khungu la m'chiberekero lija likamayoyoka. Ngati silinakhuthale, palibe choti chituluke. Mankhwala akamatha, mayi amayamba kuona timadontho kapena msambo wosalongosoka, kenako masiku ake amakhazikika. Chimenecho ndicho chizindikiro chabwino chakuti mazira ayambanso kutuluka.

Kuchedwaku sikuyenera kudaliridwa ngati njira yolera. Amayi ena dzira limatuluka patangopita masabata ochepa tsiku lobayitsa litadutsa, ndipo popeza dzira limatsogola msambo nkutsatira, mayi akhoza kuima asanaone msambo nkamodzi komwe. Amene wasiya jekeseni chifukwa chakuti sakumuyanja, koma sakufuna mwana pakadali pano, ayambe njira ina nthawi yomweyo. Amene akufuna mwana chaka chisanathe ndi bwino asiye jekeseni msanga, nkumagwiritsa ntchito makondomu kapena mapilitsi mpaka nthawi imene akufunayo itakwana. Ndimaona kuti uphungu umenewu uyenera kuperekedwa pa tsiku loyamba kubayitsa, makamaka kwa mayi amene wapitirira zaka 35, amene miyezi yodikira imamudyera nthawi yochepa kale.

Pomaliza pake si kuchedwa konse kumene kuli kwa depo. Ngati msambo wabwerera, banja likukhala malo amodzi pafupipafupi, koma chaka chatha popanda mimba, kapena miyezi isanu ndi umodzi kwa mayi wopitirira zaka 35, nthawi yakwana yopita kuchipatala. Chimodzimodzi ngati papita chaka ndi theka chibayitsireni msambo osaoneka. Kumeneko amafufuza zinthu zimene jekeseni ankangozibisa: njira za mazira zotsekeka chifukwa cha matenda opatsirana pogonana omwe sanachizidwe, zotupa za m'chiberekero, vuto la mahomoni ena, kapena kuyamwitsa kumene kukuchedwetsabe dzira. Bambo nayenso apite nawo akayezetse umuna, chifukwa m'mabanja ambiri ovutika kubereka vuto limapezeka kwa iye.