Mawu Akamatsalira Kumbuyo kwa Chithunzi

Kanema waukwati amayamba bwinobwino, koma pofika pa malangizo a ankhoswe, milomo ikutsogola, mawu akubwera pambuyo. Vuto limakhala lakuti kamera ndi chojambulira mawu chilichonse chili ndi wotchi yake, ndipo mawotchiwo sayenda mofanana ndendende.

Kukankhira mawu onse patsogolo sikuthandiza. Mukakonza kumapeto, koyambirira kumasokonekera. Gwirizanitsani kaye kuwomba m'manja kwa koyambirira, kenako yezani mpata kumapeto. Ngati mawu atsalira masekondi 2 pa ola limodzi, afulumizitseni kufika pa 100.056 peresenti, ndiko kugawa 3602 ndi 3600. Khutu silingamve kusinthako.

Koma mpata ukamakula n'kumachepanso, makamaka pa kanema wa pafoni, mafelemu ndiwo akusinthasintha liwiro. Yambani mwawakhazika pa liwiro limodzi mu HandBrake posankha Constant Framerate.