Chifukwa chake njira ya trapeziyamu imalondola kwambiri pa mizere yobwerezabwereza

Njira ya trapeziyamu imayeza kukula kwa malo amene ali pansi pa mzere wokhota f(x), kuchokera pa a kufika pa b. Malowo amagawidwa m'timizere N, kalikonse kotambalala h, ndipo pamwamba pa kagawo kalikonse amalumikiza nsonga ziwiri ndi mzere wowongoka. Kamtunda kotsala pakati pa mzere wowongokawo ndi wokhotawo ndiko kamabweretsa kuphonya.

Kukula kwa kuphonyaku kumapezeka motere. M'kagawo kamodzi, pa mtunda x kuchokera m'mphepete, mpata wa pakati pa mizere iwiriyo ndi pafupifupi f''·x(h−x)/2, pamene f'' akusonyeza mmene mzerewo wakhotera. Mpata wonsewo ukaphatikizidwa umakwana h³f''/12. Tsono f'' ndi liwiro limene kutsetsereka kwa mzere, f', kukusinthira. Choncho magawo onse akasonkhanitsidwa, za m'katimo zimafafanizana, n'kutsala h²[f'(b) − f'(a)]/12. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse: kuphonya kukudalira kumapeto kuwiri kokha.

Leonhard Euler ndi Colin Maclaurin anapeza, aliyense payekha, kuti zigawo zotsatira za kuphonyaku nazonso n'zotero. Chachiwiri ndi −h⁴[f'''(b) − f'''(a)]/720. Mzere wosalala wobwerezabwereza ukayezedwa pa kuzungulira kwathunthu, umathera mmene unayambira, kutalika ndi kutsetsereka komwe. Zigawo zonsezo zimasanduka 0. Kumene mzere wakhotera m'mwamba njirayi imapitirira muyeso, kumene wakhotera pansi imaperewera, ndipo ziwirizi zimabwezerana modabwitsa ndithu.

Chitsanzo ndi f(x) = e^(cos x) kuchokera pa 0 kufika pa 2π, pamene yankho lenileni ndi 7.9549265. Pa magawo 4, mzerewo umawerengedwa pa 0, π/2, π ndi 3π/2, n'kupereka 2.71828, 1, 0.36788 ndi 1. Zonsezi pamodzi, zikachulukitsidwa ndi π/2, zimapereka 7.98932, kuphonya kwa 0.034. Mwa masiku onse, kuwirikiza magawo kumachepetsa kuphonya kanayi kokha, ndiye pa magawo 8 munthu akanayembekezera 0.0086. Koma yankho limatuluka 7.9549278, kusiyana ndi lenileni ndi 0.0000013 basi.

Mwayi umenewu uli ndi malire ake. Mzere wokhala ndi ngodya yakuthwa, monga |sin x|, umabwerera ku kuphonya kwa h², chimodzimodzinso pamene muyeso walekezera pakati pa kuzungulira. Vuto lobisika kwambiri limadza ndi mafunde othamanga: cos 8x akawerengedwa pa magawo 8, paliponse amapereka 1, ndipo njirayi imanena 2π pamene yankho ndi 0. Pofuna kudziwa, magawo amawirikizidwa mobwerezabwereza. Kusiyana kwa mayankho kukamachepa kanayi kokha, ndiye kuti penapake pali ngodya kapena kumapeto sikukugwirizana.