Kukonza chilengezo kuti chikope achinyamata

Werengani chilengezo ichi. Tiyerekeze kuti yalemba ndi komiti ya Amalawi a m'tauni yanu.

"Komiti ikudziwitsa anthu onse kuti kudzakhala mwambo wokumbukira ufulu wodzilamulira umene dziko la Malawi linalandira mu 1964. Mwambowu udzachitika Loweruka pa 6 Julayi mu holo ya tchalitchi, kuyambira 2 koloko masana mpaka 6 koloko madzulo. Achinyamata akupemphedwa kufika mwaunyinji ndi kusunga nthawi."

Chichewa chake n'cholondola, ndipo agogo anu angachikonde. Koma mwana wa zaka 14 angawerenge mzere woyamba n'kusiyira pomwepo. Vuto lili pa aneni. Mawu oti "ikudziwitsa" ndi "akupemphedwa" akukamba za achinyamata ngati anthu amene ali kutali, sakulankhula nawo. Komanso achinyamatawo atchulidwa kumapeto kwenikweni.

Ndiye yambani ndi iwowo. M'malo mwa "akupemphedwa kufika", lembani "bwerani" kapena "tiyeni tikumane". Taonani kachilembo komaliza: "tikumana" akungonena zimene zichitike, pomwe "tikumane" akuitana. Kenako funsani a komiti kuti kudzakhala chiyani chosangalatsa, chifukwa chilengezo choyamba sichinanene. Tinene kuti ayankha kuti kudzakhala nyimbo, magule ndi mandasi. Lembani zomwezo basi, osawonjezera zanu.

"Achinyamata, muli bho? Tiyeni tikumane Loweruka pa 6 Julayi ku holo ya tchalitchi, tisangalalire limodzi ufulu wa Malawi. Kudzakhala nyimbo za kwathu, magule ndi mandasi otentha. Tidzayamba 2 koloko masana, tidzatseka 6 koloko madzulo. Osachedwa, mandasi sadikira munthu!"

Tsiku, malo ndi nthawi sizinasinthe, ndipo siziyenera kusintha. Ambiri amalakwitsa pamenepa: amatengeka ndi nthabwala n'kungolemba kuti "Loweruka lino". Nanga munthu akachiwerenga patapita sabata, adziwa Loweruka liti? Mukamaliza, mupatseni mnzanu awerenge kamodzi, kenako mumufunse kuti: liti, kuti, nthawi yanji? Akalephera funso limodzi, bwererani mukakonze.

Mawu a achinyamata ali ngati mchere mu ndiwo. Liwu loti "bho", lotanthauza "bwino", lalowa kamodzi kokha ndipo lakwanira. "Aise" timaitanira mnzathu wa msinkhu wathu, choncho musamuike pa pepala limene makolo ndi abusa adzaliwerenganso. "Iwe" nayenso ayi. Tasunga "muli" chifukwa tikulankhula ndi anthu ambiri, komanso ndi mawu aulemu. Ndipo pali zilengezo zina zosasereula nazo: uthenga wa maliro kapena wa matenda usiyeni m'mawu ake odekha, ngakhale owerenga atakhala ana.

Ntchito: Konzani chiganizo ichi kuti chilankhule ndi anzanu a m'kalasi, osataya tsiku ndi nthawi. "Ophunzira onse akudziwitsidwa kuti kwaya idzakumana Lamlungu pa 14 Julayi nthawi ya 3 koloko masana." Mukakawawerengere amayi, abambo kapena agogo, mumve ngati pali mawu amene awakhumudwitsa.